Ziphuphu zikamachuluka pamene zodzola zikuchuluka

Pali dandaulo limodzi lomwe silisowa kuchipinda choonera odwala matenda apakhungu. Mtsikana amabwera ndi mayi ake kapena azakhali ake, nkhope ili mbuu m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, pachipumi pali tinsungu tambirimbiri, masaya ali ndi madontho akuda, ndipo mawu ake oyamba amakhala akuti, "Ndayesa zonse koma sizikutheka." Wodziwa ntchito akamva mawu akuti "zonse" sathamangira kulemba mankhwala ena. Amayamba wapempha kuti chilichonse chomwe chimafika pankhopepo achikhuthulire patebulo.

Titenge chitsanzo cha mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 3 pasukulu yogonera komweko. Nkhani yake tiitsatire kuyambira pomwe inayambira, chifukwa dongosolo lomwe zinthu zinabwerera ndi lomwe limaulula pomwe panalakwika.

Ali Fomu 2 anali ndi ziphuphu zomwe pafupifupi wachinyamata aliyense amadutsamo: timitu takuda pamphuno, timitu toyera pachipumi, ndi ziphuphu zofiira zitatu kapena zinayi zomwe zinkatuluka akatsala pang'ono kupita kumwezi. Anagula sopo wamankhwala n'kumasamba naye kumaso katatu patsiku. Nkhope inkakungika akasamba, iye n'kumati sopoyo akugwira ntchito. Ataona kuti pofika masana mafuta abwereranso, anayamba kukhula nkhope ndi shuga wothira madzi a ndimu madzulo alionse. Patchuthi anagula kufamase chubu cha benzoilo perokisaidi wa 10% ndipo ankapaka chambiri m'mawa ndi madzulo. Msuweni wake wa ku Joni anamutumizira sopo wamadzi wokhala ndi salisiliki asidi, nayenso n'kulowa pamndandanda. Mnzake wa kuhositelo anamuphunzitsa kupukuta nkhope ndi sipiliti, wina anati chiphuphu chikatuluka azichimata mankhwala otsukira mano n'kugona nawo. Madontho akuda atadzadza masaya, anagula kachubu kumsika komwe wogulitsa anati "kamachotsa zonse m'sabata imodzi", n'kukasakaniza m'botolo la mafuta ake odzola. Zimenezi ndi zinthu zisanu ndi ziwiri. Chachisanu ndi chitatu iye sankachiwerengera n'komwe: mafuta a tsitsi omwe ankapaka m'mizere ya maluko ake mpaka kutsikira pachipumi.

Zomwe khungu limakumana nazo

Chiphuphu chimayambira mkati mwa kabowo komwe kamamera kaubweya. Munthu akatha msinkhu, mahomoni amachititsa tizigawo topanga mafuta kukula ndi kutulutsa mafuta ambiri. Timaselo takufa timamatana pakhomo pa kabowoko n'kukatseka, mafuta n'kuunjikana mkati. Tizilombo tina tomwe timakhala pakhungu la munthu aliyense timaswana bwino m'malo otsekekawo, ndipo thupi likayamba kulimbana nato ndi pomwe pamatupa, kufiira ndi kuchita mafinya. Kakuda komwe kamaoneka pamutu pa chiphuphu si litsiro. Ndi mafuta ndi timaselo tomwe tada titakhudzana ndi mpweya, ngati momwe mbatata yosenda imadera ikakhalitsa pambalambanda. N'chifukwa chake kukhula sikuthandiza: vuto lili pansi pomwe chinkhupule sichifika, ndipo kuchuluka kwa mafuta kumalamulidwa ndi mahomoni, osati ndi sopo. Usambe kasanu, pakapita maola ochepa mafuta abwerera momwemo.

Chomwe sopo ndi shuga zimafikapo ndi kachikopa kapamwamba penipeni, kopyapyala kuposa pepala. Kachikopaka kali ngati khoma la njerwa: timaselo touma ndiye njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta apadera omwe ali ngati matope omangira. Khomali limasunga madzi m'khungu ndi kutchinga zowawa zakunja. Limakonda kukhala lowawasa pang'ono, pakati pa 4.5 ndi 5.5 pa muyeso wa pH, pomwe nambala yochepa imatanthauza kuwawasa kwambiri. Sopo wamtanda wamba ali pa pH 9 kapena 10, madzi a ndimu ali cha pa 2. Choncho mtsikana uja ankakokera khungu lake mbali ina m'mawa, mbali ina madzulo, kwinaku sipiliti akusungunula matope a khomalo ndipo shuga akuswa njerwa zake.

Khoma likang'aluka, zinthu zitatu zimachitika motsatizana. Madzi amathawa, khungu n'kuuma ndi kuyamba kufunduka. Mankhwala omwe khungu labwino likanawapirira amalowa kwambiri n'kuyamba kuwotcha, ndipo apa ndi pomwe benzoilo wa 10% uja anasanduka moto. Kenako khungu lotupa ndi lopweteka limatuluka tinsungu tatsopano, ziphuphu zakale zimachedwa kupola, ndipo pakhungu lakuda kutupa kulikonse kumadzutsa timaselo topanga mtundu wa khungu, n'kusiya dontho lakuda. Ili ndi gawo lomwe atsikana ambiri salidziwa. Madontho omwe ankamudandaulitsa mtsikana uja anali kuchuluka chifukwa cha ndimu yemweyo. Ndimu alinso ndi vuto lake lina: madzi ake, makamaka a m'khungu la chipatsocho, akatsalira pankhope munthu n'kupita padzuwa, amatha kupsereza khungu n'kusiya banga lakuda lokhala miyezi.

Kusiyanitsa zomwe zili pankhope

Musanasinthe chilichonse, yang'anitsitsani nkhope pakuwala kwa dzuwa la m'mawa, yosambidwa ndi madzi okha. Pankhope imodzi pamatha kukhala matenda atatu kapena anayi omwe onse anthu amawatcha ziphuphu, ndipo lililonse lili ndi njira yake.

Ziphuphu zenizeni zimakhala zosiyanasiyana. Pamalo amodzi mupeza timitu takuda, timitu toyera, zina zofiira, zina zamafinya, zina zikupola, zazikulu ndi zazing'ono. Zimapweteka mukazikhudza koma kawirikawiri siziyabwa.

Khungu lopsa ndi mankhwala limadziwika ndi kumva kwake kuposa kaonekedwe. Funso lothandiza kwambiri ndi ili: madzi wamba kapena thukuta zikafika pankhope, zimalasa? Ngati yankho ndi inde, khoma lang'aluka. Onjezanipo kukungika pomwetulira, kufunduka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, ndi nkhope yomwe ikunyezimira koma ili youma ukaikhudza. Mabuku ambiri amanena za kufiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Chomwe chimaoneka ndi kutuwa, kapena kuderako kopita ku mtundu wa biringanya.

Zachitatu ndi za kachubu ka kumsika kaja, ndipo pano tiime pang'ono. Machubu ambiri ogulitsidwa ngati oyeretsa khungu kapena ochotsa madontho amakhala ndi siteroidi wamphamvu, kawirikawiri kilobetasolo wa 0.05% kapena betametazoni. Awa ndi mankhwala enieni omwe madokotala amalemba pa matenda ena apakhungu, kwa masiku owerengeka, ndipo kilobetasolo salembedwa kuti azidzolera kumaso tsiku ndi tsiku. Siteroidi amazimitsa kutupa msanga. Mtsikana uja atayamba kudzola, m'masiku khumi nkhope inazizira, kuwotcha kunatha, khungu linawala, anzake n'kumamufunsa chinsinsi. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi panatuluka tinsungu tambiri pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, tonse tofanana kukula ngati mapira omwazidwa, topanda timitu takuda. Kufanana kumeneku ndiye chizindikiro chachikulu cha ziphuphu zobwera ndi siteroidi. Chizindikiro china ndi msampha wake: akangodumphitsa masiku awiri kapena atatu osadzola, nkhope imayaka, imayabwa, tinsungu n'kuwirikiza, ndipo akadzolanso zimazizira. Mwini wake amaganiza kuti mafutawo ndi omwe akumusunga, chonsecho ndi omwe amukola. Ikapita miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera pamasaya, cheya chimamera chambiri, ndipo nkhope imawala kusiyana ndi makutu ndi khosi. Machubu ena amakhalanso ndi haidirokwinoni, yemwe akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatha kudetsa masaya ndi banga lovuta kwambiri kuchotsa.

Musadalire zolembedwa pakatoni zokha, chifukwa zina sizitchula zomwe zili mkati. Tengani chubucho mupite nacho kufamase kapena kuchipatala mukafunse mwachindunji kuti, "Kodi muno muli siteroidi?" Ngati chilibe mndandanda wa zomwe zili mkati, kapena ndi mafuta osakanizidwa kale m'kabotolo kopanda dzina, chitengeni ngati chili naye. Mafuta odzola wamba sasintha nkhope m'sabata imodzi.

Zachinayi n'zosavuta kuzizindikira ndi malo ake. Timitu toyera tothinana m'mphepete mwa tsitsi, pachipumi ndi m'mbali mwa makutu, pomwe pakati pa nkhope pali bwinoko, timaloza ku mafuta a tsitsi ndi jelo wogonetsera tsitsi lakutsogolo. Duku logona nalo ndi pilo zimanyamula mafutawo n'kuwabwezera pankhope usiku uliwonse.

Mtsikana wathu anali nazo zinayi zonsezi. Ziphuphu zomwe anayamba nazo zinali gawo laling'ono kwambiri la zomwe zinkaoneka pagalasi.

Kusiya, ndi zomwe zimatsatira kusiyako

Sing'anga atamuuza kuti zonse zisanu ndi ziwiri ziime ndipo mafuta a tsitsi asafikenso pachipumi, mtsikanayo anafunsa funso lomwe onse amafunsa: "Ndiye adokotala, ndizidzola chiyani?" Yankho ndi lalifupi mokhumudwitsa.

Kusamba kumaso kawiri kokha patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono kapena ozizira, ndi zala zokha, kwa theka la mphindi. Chinkhupule, kathaulo kokhulira ndi madzi otentha zonse ziime. Ngati pali sopo wamadzi wofatsa, wopanda fungo ndi wopanda timchenga, agwiritsidwe ntchito madzulo okha, m'mawa madzi okha akwanira. Ngati palibe, masabata awiri oyamba madzi okha aposa sopo wamtanda, ndipo sopo wochapira zovala asayandikire nkhope. Popukuta, thaulo lizingogunditsidwa pakhungu, osati kukokedwa.

Khungu likadali lonyowa pang'ono, apake mafuta ofewetsa opepuka, opanda fungo, ochuluka ngati njere ziwiri za nandolo pankhope yonse. Atsikana a nkhope yamafuta amakana gawo ili poopa kuwonjezera mafuta pamafuta, koma mafuta omwe khungu limatulutsa ndi ena, madzi omwe likutaya ndi ena. Gilisalini madontho awiri kapena atatu osungunula ndi madzi pachikhatho amathandiza pomwe ndalama zili zochepa, bola asapakidwe wokhawokha, chifukwa amanata ndipo pakhungu long'aluka amatha kulasa. Pomwe pang'ambika, monga m'makona a pakamwa ndi a mphuno, kavaselini kochepa kwambiri kamatseka bwino. Kapakeni pomwepo pokha, osati kupaka nkhope yonse mochindikala m'nyengo yotentha.

Ngati vuto linali kupsa ndi mankhwala kokha, kulasa kumachepa pakatha masiku anayi mpaka sabata, ndipo pakatha masabata awiri khungu limakhala litaleka kufunduka. Koma pomwe pali siteroidi nkhani imasintha, ndipo mtsikana ndi makolo ake ayenera kuuzidwiratu, apo ayi abwerera kukachubu tsiku lachinayi. Atasiya, mtsikana uja anaona nkhope ikuipiraipira. Tsiku lachitatu inayamba kutentha, sabata yoyamba isanathe tinsungu tinachuluka, khungu linada kuposa kale ndipo linkasenda ngati la njoka. Uku si kubwerera kwa matenda akale ayi, ndi khungu lomwe linazolowera kuponderezedwa likudzuka. Kwa iye, yemwe anadzola masabata asanu ndi atatu, zovuta kwambiri zinali masabata awiri oyamba ndipo zinayamba kuzizira cha m'sabata yachinayi. Wodzola chaka chonse akhoza kulimbana nazo miyezi ingapo. Kansalu koviika m'madzi ozizira n'kuika pankhope kwa mphindi khumi kamachepetsa kutenthako.

Apa m'pomwe chipatala chimafunika, osati kungopirira kunyumba. Sing'anga amatha kusankha kutsitsa pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito siteroidi wofooka ngati haidirokotizoni wa 1% kwa kanthawi kochepa, kapena kulemba mapiritsi a dokisisaikilini kuti achepetse kutupa. Ndipo munthu yemwe wakhala akudzola mafuta oterewa thupi lonse kwa miyezi yambiri asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa siteroidi wolowa m'magazi amatha kugonetsa tiziwalo tomwe timapanga homoni yofanana naye m'thupi. Kusiya kotero kumayenera kuyang'aniridwa.

Za tsitsi ndi zapafupi. Mafuta ayambire kumbuyo kwa mzere wa tsitsi ndi zala ziwiri, jelo wakutsogolo apume, m'manja musambidwe mukamaliza kukonza tsitsi, ndipo duku ndi nsalu ya pilo zichapidwe sabata iliyonse.

Kubwezeretsa mankhwala amodzi

Chizindikiro choti nthawi yakwana si tsiku la pakalendala. Ndi pomwe madzi ndi mafuta ofewetsa zakhala masiku asanu otsatizana osalasa, ndipo kufunduka kwatha. Kwa mtsikana uja zimenezi zinachitika m'sabata yachisanu. Pamenepo nkhope inali itaonetsa ziphuphu zake zenizeni: timitu pachipumi ndi pamphuno, ndi zofiira zosakwana khumi.

Pa zisanu ndi zitatu zija, ziwiri zokha ndi zomwe zinali mankhwala enieni a ziphuphu, benzoilo perokisaidi ndi salisiliki asidi. Cholakwika chinali mphamvu, kuchuluka, ndi kuziphatikiza pakhungu lovulala kale. Anabwerera ku benzoilo, koma wa 2.5%, ndipo pomwe sapezeka wa 5% amalowa m'malo. Ambiri amaganiza kuti nambala yaikulu ndiye kuchira msanga. Pa mankhwala awa sizili choncho: wa 2.5% amachepetsa ziphuphu zofiira mofanana ndi wa 10%, kusiyana kwake n'kwakuti wa 10% amaumitsa ndi kuwotcha kwambiri.

Kayambidwe kake kali motere. Masiku atatu oyamba apake kadontho pamalo amodzi aang'ono m'munsi mwa chibwano kuti aone ngati thupi likuwakana. Kuuma pang'ono n'kwachibadwa. Kutupa, kuyabwa kwambiri, matuza kapena kutupa kwa zikope ndi chizindikiro choti mankhwalawa si ake, asiyiretu. Ngati zili bwino, madzulo asambe, adikire mphindi 15 kuti nkhope iumiretu, chifukwa khungu lonyowa limamwa mankhwala kwambiri, kenako atenge wochuluka ngati njere imodzi ya nandolo. Njere imodziyo aigawe timadontho pachipumi, masaya ndi chibwano n'kuyala mopyapyala pamalo onse omwe ziphuphu zimakonda kutuluka, kupewa zikope, milomo ndi makona a mphuno. Kumata chiphuphu chimodzichimodzi ndi kulakwitsa kofala. Chiphuphu chomwe mukuchiona lero chinayamba kupangika masabata angapo apitawo, ndiye ntchito yaikulu ya mankhwala ndi kuletsa zomwe zisanatuluke.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri azipaka usiku umodzi, kudumpha umodzi, ndipo kwa khungu lomwe langochira kumene ndi bwino kuwatsuka pakatha theka la ola m'malo mogona nawo. Zikayenda bwino, sabata yachitatu agone nawo, ndipo yachinayi ayambe usiku uliwonse. Mafuta ofewetsa apitirire pamwamba pake. Kulasa kukabwerera, apume masiku atatu n'kubwerera pa sitepe yam'mbuyo. Chenjezo lina lomwe limaiwalika mpaka yunifolomu itaonongeka: benzoilo amasuwitsa nsalu ngati jiki. Thaulo ndi pilo zikhale zoyera kapena zakale, ndipo m'manja musambidwe musanagwire juzi ya sukulu.

Tsopano kudikira. Kusintha koyamba kumaoneka pakati pa masabata 6 ndi 8, ndipo chigamulo choti mankhwala agwira kapena ayi chimaperekedwa pa masabata 12. Mtsikana uja poyamba ankapatsa chinthu chilichonse masiku anayi kapena asanu, chikapanda kuchita zozizwitsa n'kuwonjezerapo china osasiya choyambacho. Galasi la tsiku ndi tsiku limanama, choncho njira yabwino ndi kujambula nkhope pafoni kamodzi pa masabata awiri, pawindo lomwelo ndi nthawi yomweyo, kapena kwa yemwe saloledwa foni kusukulu, kuwerenga ziphuphu zofiira Lamlungu lililonse n'kulemba kuseri kwa kope. Iye anayamba ndi 9. Pa sabata yachisanu ndi chitatu zinali 4, ndipo pa sabata ya 12 zinkakhala ziwiri kapena zitatu, makamaka nthawi ya msambo ikayandikira.

Timitu ta pachipumi sitinasunthe kwenikweni, ndipo izi n'zoyembekezeka, popeza benzoilo amalimbana kwambiri ndi tizilombo ndi kutupa kuposa kutsegula timabowo. Pamenepo sing'anga anawonjezera chachiwiri, adapalini wa 0.1%, wa m'gulu la maretinoidi, mankhwala otsegula timabowo. Benzoilo anasamukira m'mawa, adapalini n'kutenga usiku, kuyambira kawiri pasabata, njere imodzi ya nandolo yomweyo. Masabata oyamba a adapalini khungu limauma ndipo ziphuphu zimatha kuoneka ngati zachulukirako. Kusiyanitsa zimenezi ndi kupsa n'kotheka: zikatuluka m'malo omwe zimatuluka kale, zili zamtundu womwewo ndipo madzi sakulasa, pitirizani. Zikafalikira m'malo atsopano limodzi ndi kuwotcha ndi kufunduka, chepetsani masiku. Maretinoidi onse saloledwa kwa woyembekezera kapena yemwe akhoza kutenga pakati posachedwa, ndipo sing'anga akafunsa funso limeneli kwa mtsikana sakumunyoza. Lamulo lomwe likuyenda pansi pa zonsezi n'lakuti chatsopano chizibwera chimodzi, ndipo pakati pa china ndi chinzake papite masabata osachepera anayi, kuti chikavuta mudziwe wolakwa.

Madontho akuda

Kwa atsikana ambiri madontho ndiwo amapweteka mtima kuposa ziphuphu, ndipo ndiwo amawatumiza kumsika. Yendetsani chala pamwamba pake. Ngati pali posalala, ndi mtundu chabe ndipo udzafufuma wokha, kawirikawiri pakati pa miyezi 3 ndi 12, nthawi zina kupitirira. Ngati pali dzenje kapena chotupa cholimba, chimenecho ndi chipsera, ndipo palibe mafuta odzola omwe amachichotsa.

Madontho amachedwa kutha pa zifukwa ziwiri, kufinya ndi dzuwa. Kufinya kumaphulitsa kabowo mkati, zamkatimo n'kumwazikira m'khungu, ndipo chiphuphu cha masiku asanu chimasiya banga la miyezi isanu. Dzuwa nalo limadetsa dontho lililonse kuposa khungu lolizungulira. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo m'mawa amathandizadi ngakhale pakhungu lakuda, koma n'okwera mtengo, ndiye pomwe sangapezeke chipewa chachikulu, ambulera ndi mthunzi m'dzuwa la Okutobala zimachita gawo lake. Adapalini yemwe uja amathandizanso kufufumitsa madontho pang'onopang'ono, choncho palibe chifukwa chogulira china chapadera. Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi masaya a mtsikana uja anali akadali ndi madontho, koma ofooka, ndipo atsopano ankabwera mwa apo ndi apo.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye mpweya umauma ndipo khungu lomwe linkapirira mankhwala usiku uliwonse likhoza kuyambanso kufunduka. Kubwerera ku usiku umodzi kudumpha umodzi mpaka nyengo itasintha si kubwerera m'mbuyo.

Pomwe njira iyi siikwanira

Kuchepetsa zodzola kumachiza zomwe zodzolazo zinabweretsa, ndi ziphuphu zazing'ono mpaka zapakatikati. Sikuchiza zonse. Ziphuphu zikuluzikulu zolimba zokhala pansi pakhungu, zopweteka ngati zithupsa, zokhala masabata, kapena zilizonse zomwe zayamba kusiya maenje, zimafuna chipatala msanga chifukwa mwezi uliwonse wodikira ndi zipsera zina. Kumeneko amatha kulemba dokisisaikilini, kawirikawiri mamiligiramu 100 patsiku kwa miyezi pafupifupi itatu, limodzi ndi benzoilo kuti tizilombo tisazolowere mankhwalawo. Amamwedwa ndi kapu yodzadza ya madzi, munthu ali chikhalire, osagona kwa theka la ola kuopa kupsa kummero, amachititsa khungu kupsa msanga padzuwa, ndipo woyembekezera samwa. Kugula makapisozi angapo pagolosale n'kumwa sabata imodzi sikuchiza chilichonse, kumangophunzitsa tizilombo. Ziphuphu zoopsa kwambiri zili ndi mankhwala ena akumwa, aisotiretinoini, omwe amalembedwa ndi katswiri yekha chifukwa amapundula mwana m'mimba. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe zili ndi makiliniki a matenda apakhungu, ndipo njira yake imayambira kuchipatala chaching'ono kapena cha boma chapafupi komwe amapereka kalata.

Tinsungu tofanana toyabwa kwambiri pachipumi, pachifuwa ndi kumsana, tokula munthu akatuluka thukuta, tikhoza kukhala tobwera ndi mafangasi a m'timabowo ta ubweya, ndipo mankhwala a ziphuphu satigwira. Ziphuphu za m'nsagwada zobwera limodzi ndi msambo wodumphadumpha miyezi komanso ndevu zomera pachibwano zimafuna kuyeza za mahomoni. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi kolera koika pamkono zimatha kuchulukitsa ziphuphu mwa ena, ndiye sing'anga auzidwe ngati zilipo. Mtsikana yemwe wayamba kujomba m'kalasi kapena kudzitsekera m'chipinda chifukwa cha nkhope yake nayenso ndi woyenera kuonedwa, ngakhale ziphuphuzo zitaoneka zochepa kwa ena.

Popita kuchipatalako, zodzola zonse zilowe m'jumbo limodzi, kuphatikizapo botolo losakaniza lija, mafuta a tsitsi, ufa wodzola kumaso ndi zomwe anabwereka kwa anzake, ndipo papepala palembedwe mwezi womwe chilichonse chinayambira. Amayi kapena azakhali operekeza adziwe kuti kachubu ka kumsika nthawi zambiri kamabisidwa pansi pa sutukesi chifukwa choopa kukalipiridwa, ndipo sing'anga yemwe sanakaone akhoza kulemba mankhwala a matenda olakwika.